Uthenga wochedwa maola 20: mlandu wa daivejensi ya RSI pa tchati cha golide

Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu, ndipo nkhaniyi inayamba pamene bambo wina, yemwe amagula ndi kugulitsa golide pa intaneti akaweruka kuntchito, anandipempha kuti ndimulembere kapulogalamu komutumizira uthenga pa foni. Amagwiritsa ntchito tchati cha XAUUSD, chosonyeza mtengo wa golide m'madola a ku America, ndipo kandulo iliyonse pa tchaticho imaimira maola 4. Chimene ankafuna n'chimodzi: pulogalamuyo izimudziwitsa pakaoneka daivejensi ya RSI yosonyeza kuti mtengo ungayambe kukwera.

RSI ndi muyezo umene J. Welles Wilder anaufalitsa mu 1978. Umayerekeza kukula kwa makandulo otseka pamwamba ndi kukula kwa otseka pansi, nthawi zambiri pa makandulo 14, ndipo yankho lake limakhala pakati pa 0 ndi 100. Daivejensi imene bamboyo ankaifuna imachitika pamene mtengo watsika kupitirira pamene unafika ulendo wapita, koma RSI yakana kutsika chimodzimodzi. Kunena kwina, chigwa chachiwiri cha mtengo n'chozama kuposa choyamba, pomwe chigwa chachiwiri cha RSI n'chosaya. Amalonda amati zikatero ndiye kuti ogulitsa ayamba kutopa.

Ndi maso, zimenezi n'zosavuta kuona. Bamboyo ananditumizira zithunzi za pa TradingView, ndipo pa chithunzi chilichonse kachizindikiro kolembedwa Bull kanali pansi penipeni pa chigwa, pamene mtengo unatembenukira. "Achimwene, onani nokha," anatero. "Ndikanagula pomwe pali kachizindikiropa, bwenzi pano tikukamba zina."

Mawu akuti "ndikanagula pomwepa" ndiwo anali mlandu wonse, koma nthawi imeneyo sindinawamvetsere bwino.

Zimene ndinalemba poyamba

Kompyuta siona chigwa monga maso aonera. Iyenera kupatsidwa lamulo. Lamulo lofala ndi la pivoti: kandulo imatengedwa kuti ndi chigwa ngati RSI yake ndi yotsika kuposa ya makandulo 5 a kumanzere kwake ndiponso kuposa ya makandulo 5 a kumanja kwake. Ine ndinalemba mu Python, ndipo popeza scipy ili kale ndi chida chopezera zigwa, ndinangochitenga:

```python
zigwa = argrelextrema(rsi.values, np.less, order=5)[0]
```

Kenako ndinkatenga zigwa ziwiri zotsatizana, n'kuona ngati mtengo wotsikitsitsa wa chachiwiri uli pansi pa wa choyamba pomwe RSI yake ili pamwamba, komanso ngati zatalikirana ndi makandulo a pakati pa 5 ndi 60. Zikagwirizana, pulogalamu inkalemba kuti yagula pa mtengo wotsekera wa kandulo ya chigwa chachiwiricho. Nditayesa lamuloli pa mitengo ya zaka zingapo zapitazo, mzere wa phindu unakwera mosalala ngati msewu watsopano. Ndinamutumizira bamboyo, tonse tinasangalala, ndipo ndinaiyatsa kuti iyambe kugwira ntchito pa mitengo ya tsiku ndi tsiku. Chokhacho chimene ndinachita mwanzeru chinali kumupempha kuti ayambe ndi akaunti yoyeserera, yopanda ndalama zenizeni.

Chizindikiro choyamba

Sipanathe milungu iwiri, bamboyo anandiimbira. Usiku wapitawo analandira uthenga woti pali daivejensi, anagula, ndipo m'mawa anapeza mtengo watsika kwambiri. Kuluzako sikunamudabwitse, chifukwa msika amaudziwa. Chimene chinamukhumudwitsa n'chakuti atatsegula tchati chimene pulogalamu yanga imajambula, chizindikiro cha usikuwo panalibe. Uthenga unali m'foni mwake, koma pulogalamu inkachita ngati sinanenepo kanthu.

Ndinayamba ndaganiza za kandulo yosatseka. Limeneli ndi vuto lodziwika: mzere womaliza wa mitengo imene umalandira nthawi zambiri umakhala wa kandulo imene ikuyendabe, choncho RSI yake imasinthasintha mpaka maola 4 akwane. Ndinayang'ana, ndipo ndinapeza kuti mzere umenewo ndinali ndikuuchotsa kale. Vuto linali kwina.

Linali m'mphepete mwa mndandanda. Chida cha `argrelextrema`, ukapanda kuchiuza zina, chimayenda ndi `mode='clip'`. Tanthauzo lake n'lakuti chikafuna kuyerekeza ndi kandulo yachisanu kumanja koma mndandanda wathera pa yachiwiri, sichidandaula: chimangotenga kandulo yomaliza n'kuibwereza m'malo mwa zimene kulibe. Choncho pa mitengo yakale, chigwa chilichonse chinkayesedwa ndi makandulo 5 enieni, koma pa mitengo ya lero chigwa chinkadutsa mayeso ndi kandulo imodzi kapena ziwiri zokha. Makandulo otsatira akabwera ndi RSI yotsika kuposa pamenepo, chigwacho chinkafafanizika mwakachetechete. Popanda kudziwa, ndinali ndi malamulo awiri m'mzere umodzi wa khodi: lokhwima la pa zakale, ndi lomasuka la pa zalero.

Kuti ndione bwino, ndinalemba lamulo lomwelo mu Pine Script, chinenero cha TradingView, ndipo ndinaika belu loti lizilira pa Once Per Bar Close, kutanthauza kandulo ikatseka:

```pine
lbL = 5
lbR = 5
osc = ta.rsi(close, 14)
plFound = not na(ta.pivotlow(osc, lbL, lbR))
oscHL = osc[lbR] > ta.valuewhen(plFound, osc[lbR], 1)
priceLL = low[lbR] < ta.valuewhen(plFound, low[lbR], 1)
bull = plFound and oscHL and priceLL
plotshape(bull, offset = -lbR)
```

Apa zizindikiro zinasiya kusowa. Koma dandaulo la bamboyo linasintha. "Akulu, belu lanuli likulira basi itanyamuka kale. Kachizindikiro kali pa kandulo yadzulo, uthenga wafika lero."

Ankanena zoona, ndipo khodi sinalakwitse chilichonse. `ta.pivotlow` siipereka yankho pa kandulo ya chigwa. Imadikira mpaka makandulo 5 a kumanja akwane, n'kupereka yankho pa kandulo yachisanuyo. Makandulo 5 a maola 4 ndi maola 20 kuchokera pamene kandulo ya chigwa inatsekera. Chigwa chikagwa Lachisanu madzulo, msika utatsala pang'ono kutseka, uthenga umafika Lolemba. Chimene chimasocheretsa maso ndi mzere womalizawo: `offset = -lbR` amabweza chizindikiro m'mbuyo ndi makandulo 5 kuti chikhale pa chigwa penipeni. Zithunzi zonse zija zimene bamboyo ananditumizira zinali zotero. Palibe munthu amene anaona kachizindikiro kaja pa nthawi imene kandulo yake inkatseka, chifukwa nthawi imeneyo kanali kasanajambulidwe.

Pamene ndinazindikira kukula kwa vuto

Usiku umenewo ndinabwerera ku mayeso anga a pa mitengo yakale, mtima uli m'mwamba. Ndinafunsa funso limodzi laling'ono: pa malonda onse amene pulogalamu inalemba, ndi angati amene anali ndi phindu patangotha kandulo imodzi? Yankho linali onse. Palibe ngakhale amodzi amene kandulo yotsatira inatseka pansi pa mtengo wogulira.

Uwu si mwayi, ndi masamu a RSI. M'njira ya Wilder, avareji ya kukwera ndi avareji ya kutsika zonse zimachulukitsidwa ndi 13/14 pa kandulo iliyonse, kenako kusintha kwatsopano kumawonjezedwa ku mbali imodzi yokha. Kandulo ikatseka pamwamba pa yapitayo, RSI imakwera. Ikatseka pansi, RSI imatsika. Ndiye ngati kandulo ina yatchedwa chigwa cha RSI, yotsatira yake iyenera kuti inatseka pamwamba, apo ayi sikanatchedwa chigwa n'komwe. Pogula pa kandulo ya chigwa, pulogalamu yanga inkagula itaona kale za mawa. Zigwa zonse zimene zinaoneka ngati zigwa kenako n'kubooka, zomwe ndizo zimadya ndalama za munthu, m'mndandanda wanga munalibe.

Anzanga olemba mapulogalamu otere, funso limeneli n'lotsika mtengo ndipo limagwira wakuba msanga. Tengani malonda anu onse, onani kandulo imodzi yotsatira. Mukapeza kuti onse kapena pafupifupi onse ayamba ndi phindu, musanyadire kaye, yang'anani nthawi yogulira.

Kukonza

Ndinataya chida cha scipy pa ntchito imeneyi, n'kulemba ndekha kafankishoni kopereka manambala awiri pa chigwa chilichonse: `i`, kandulo imene chigwa chinachitikira, ndi `t`, kandulo imene chinadziwikira.

```python
def zigwa(rsi, L=5, R=5):
    for t in range(L + R, len(rsi)):
        i = t - R
        if rsi[i] < min(rsi[i-L:i]) and rsi[i] < min(rsi[i+1:t+1]):
            yield i, t
```

Mtengo ndi RSI zoyerekezera daivejensi zimatengedwa pa `i`. Uthenga umatuluka pa `t`. Kugula kumalembedwa pa mtengo wotsegulira wa kandulo `t + 1`, chifukwa `t` imadziwika itatseka kale. `i` amaloledwa kujambula chizindikiro pa tchati basi, saloledwa kukhudza ndalama.

Ndinawonjezanso mayeso amene ndikanayenera kuyamba nawo. Ndimadula mndandanda wa mitengo pa kandulo iliyonse, ngati kuti dziko lathera pamenepo, n'kuona ngati mauthenga otuluka akufanana ndi amene mndandanda wathunthu unanena kuti anali atadziwika pofika nthawi imeneyo:

```python
onse = mauthenga(df)
for n in range(200, len(df)):
    assert mauthenga(df[:n]) == [m for m in onse if m.t < n]
```

Khodi yakale inagwa pa mayesowa isanapite patali. Yatsopano inadutsa. Mayesowa amachedwa ngati makandulo ndi ambiri, koma amagwira zonse ziwiri: chizindikiro chotuluka msanga kenako n'kusowa, ndi chizindikiro cholembedwa pa nthawi imene sichikanadziwika.

Malonda amodzi, kandulo ndi kandulo

Kuti bamboyo amvetse zimene maola 20 amadya, tinakhala pansi ndi daivejensi imodzi yokha. Mitengo ndaisintha kuti chigwa choyamba chikhale pa 100, kuti kuwerenga kusavute.

Chigwa choyamba chinali pa 100.0, RSI ili pa 24. Mtengo unakwera kufika 102.6, n'kubwereranso. Patatha makandulo 23, chigwa chachiwiri chinafika 99.2, RSI ili pa 31, ndipo kandulo imeneyo inatseka pa 99.5. Mtengo watsika, RSI yakwera: daivejensi yooneka bwino. Bamboyo amaika sitopu yake, mtengo wogulitsirapo zinthu zikavuta, pansi pang'ono pa chigwa, apa pa 99.0, ndipo amafuna kugulitsa pa nsonga yapakati pa zigwa ziwirizo, pa 102.6.

Mayeso akale ankati anagula pa 99.5. Akanaluza 0.5 zikavuta, akanapeza 3.1 zikayenda. Phindu loyembekezeka linali kuposa kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi zimene waika pachiswe. Ndi malonda otere, munthu akhoza kupambana 14 okha pa 100 alionse osaluza kanthu.

Koma uthenga weniweni unafika pa kandulo yachisanu, ndipo kandulo yotsatira inatsegula pa 101.1. Sitopu sinasunthe, chifukwa chigwa chili pomwe chinali. Nsonga nayo sinasunthe. Tsopano waika pachiswe 2.1 kuti apeze 1.5. Kuti asaluze, ayenera kupambana malonda oposa 58 pa 100 alionse, tisanawerengere kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumene amadulidwa nthawi iliyonse. Kuchedwa kunamuluma mbali ziwiri: 1.6 imene mtengo unakwera podikira inachoka ku phindu, ndipo 1.6 yomweyo inawonjezedwa ku zimene angaluze.

Bamboyo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye chepetsani makandulowo. Ikani awiri."

Linali pempho lanzeru, ndipo ndinayesa. Ndi `R=2`, kudikira kumatsika kufika maola 8. Koma nditayendetsa pa daivejensi yomweyi, uthenga wa chigwa cha 99.2 sunatuluke n'komwe. Zinanditengera nthawi kuti ndione chifukwa chake, ndipo kwa ine apa ndi pamene pali phunziro lalikulu la mlandu uno.

Makandulo 4 chisanafike chigwa chenichenicho, panali kachigwa kena: mtengo 99.8, RSI 33, kenako makandulo awiri okwera pang'ono. Lamulo la makandulo 5 silinakawerengere, chifukwa pa kandulo yachinayi RSI inatsika kufika 31. Lamulo la makandulo 2 linakalandira. Zotsatira zake zinali ziwiri. Choyamba, kachigwako kanayerekezedwa ndi chigwa cha 100.0, kanaoneka ngati daivejensi, pulogalamu inagula pa 100.4 sitopu ili pa 99.6, n'kuluza 0.8. Chachiwiri, chomwe n'chobisika kwambiri, kachigwako kanalowa m'malo mwa "chigwa chapitacho". Chigwa chenicheni cha 99.2 chitafika, sichinayerekezedwenso ndi RSI ya 24 ija, koma ndi 33. Popeza 31 ndi wochepa kuposa 33, khodi inati palibe daivejensi. Mu Pine Script zimachitikanso chimodzimodzi, chifukwa `ta.valuewhen(plFound, osc[lbR], 1)` amatenga pivoti yapitayo, kaya ndi yaikulu kaya ndi kachibowo chabe. Kuchepetsa nambala imodzi ija sikufulumizitsa uthenga kokha. Kumasinthanso zigwa zimene zikuyerekezedwa.

Chimene ndinasankha chinali kulekanitsa malamulo a zigwa ziwirizo. Chigwa choyamba n'chakale, makandulo ake a kumanja anakwana kalekale, choncho kuchiyesa ndi lamulo lokhwima la 5 ndi 5 sikuchedwetsa aliyense. Chigwa chachiwiri ndicho chodikiridwa, ndiye chokhacho ndinachimasulira kufika pa 5 kumanzere ndi 2 kumanja. M'khodi muli kachinthu kamodzi koyenera kusamala: `t` wa chigwa choyamba asapose `t` wa chachiwiri, kuopa kuti kuona za mawa kungalowenso pa khomo la kuseri. Mayeso odula mndandanda aja amagwira zimenezi.

Ndi lamulo latsopanoli, kuluza kwa 0.8 kuja kunalipobe, koma chigwa cha 99.2 chinapezeka, ndipo kugula kunali pa 100.1: kuika pachiswe 1.1 kuti apeze 2.5. Ulendo umenewu mtengo unafikadi pa 102.6. Tikaphatikiza, njira yofulumira inabweretsa 2.5 kuchotsa 0.8, yomwe ndi 1.7, pa malonda awiri. Njira yodikira inabweretsa 1.5 pa malonda amodzi. Ndinamuonetsa bamboyo manambala awiriwa mwadala, chifukwa ali pafupi kwambiri. Chimene kufulumira kunapeza pa mtengo wogulira, mbali yaikulu inabwezedwa ndi chigwa chabodza.

Ndinakananso pempho lina. Bamboyo anafunsa ngati tingatsikire ku makandulo a mphindi 15 kuti kudikira kukhale ola limodzi ndi mphindi 15. Pa wotchi n'zoona, koma daivejensi ya pa mphindi 15 ndi nkhani ina: zigwa zake n'zazing'ono, mtunda wopita ku nsonga ndi waufupi, ndipo makandulo 5 amadya gawo lalikulu la mtundawo monga momwe amachitira pa maola 4, pomwe ndalama yodulidwa pa malonda alionse siichepa. Kuchedwa kuyenera kuyezedwa ndi mtunda umene mtengo wayenda kale, osati ndi wotchi.

Kanthu kena kamene ndinakumana nako m'njira: RSI imawerengedwa ndi mitengo yotsekera, pomwe chigwa cha mtengo timachiona pa mchira wa kandulo. Nthawi zina mchira wotsikitsitsa umakhala pa kandulo yoyandikana ndi ya chigwa cha RSI, osati pa iyo yeniyeniyo. Poika sitopu, tsopano ndimatenga mtengo wotsikitsitsa kuyambira makandulo awiri chisanafike chigwa mpaka pa `t`.

Zimene zinatsatira

Nditayendetsanso mayeso onse a pa mitengo yakale ndi nthawi zoona zogulira, mzere wosalala uja unatha. Unatsala wokwera ndi kutsika, wokhala miyezi yambiri pansi pa nsonga yake, ndipo nditachotsa ndalama yodulidwa pa malonda alionse, zotsala zinali zochepa moti sindikanamuuza munthu aliyense kuti aikepo ndalama zake pongodalira lamuloli. Njira ya 5 ndi 5 komanso ya 5 ndi 2 zinkasinthana kutsogola malinga ndi chaka chimene ndayang'ana. Sindinapitirize kufunafuna nambala ya `R` yopambana zonse, chifukwa ukayesa manambala ambiri pa mitengo yomweyo umapeza imodzi yooneka bwino mwangozi. Ndinamuuza bamboyo zonsezi pamasom'pamaso, ndipo ndinapepesa chifukwa cha chithunzi choyamba chimene ndinamutumizira. Iye anakhumudwa, koma anati bola zadziwika akaunti ikadali yoyeserera.

Pulogalamu imene akugwiritsa ntchito pano imatumiza mauthenga awiri. Woyamba umatuluka pakatha makandulo 2 ndipo umayamba ndi mawu akuti "Yang'anani", pofuna kusonyeza kuti chigwacho chikhoza kubooka. Wachiwiri umatuluka pakatha makandulo 5, ndipo umati "Chatsimikizika" kapena "Chabooka". Mauthenga onse amasungidwa, ngakhale obookawo, ndipo pa tchati ndimajambula zizindikiro ziwiri: kadontho pa `i` ndi muvi pa `t`, kuti diso lizolowere kuona mtunda wa pakati pake. Uthenga uliwonse umanena mtengo wa pa nthawiyo, mtunda wopita ku sitopu ndi mtunda wopita ku nsonga. Mtunda wa ku sitopu ukaposa wa ku nsonga, monga 2.1 ndi 1.5 zija, mzere womaliza umati "Yapita kale".

Mwezi woyamba wa dongosolo latsopanoli, bamboyo ananditumizira chithunzi cha uthenga wina wa "Yang'anani" umene unasanduka "Chabooka" patatha maola 12. Sanagule, chifukwa anali m'basi pochokera ku maliro ndipo sanathe kutsegula tchati. Anafunsa ngati ndingawonjeze mzere wosonyeza kuti mauthenga a "Yang'anani" angati abooka chiyambire, ndipo ndinauwonjeza sabata yomweyo.